Pulogalamu yosamva Chichewa ingagwire bwanji wobera m'Chichewa?

"Ndimaphunzitsa Chichewa pa koleji ina ya aphunzitsi. Wophunzira wanga walemba chimangirizo chosalala kwambiri moti ndakayika. Ndachiika m'mapulogalamu awiri ozindikira zolembedwa ndi makina, ina yati walemba ndi munthu, ina yati makina. Ndikhulupirire iti?"

Aphunzitsi, imelo yanuyi yandikanda pachilonda, ndiye mundipirire ndiyambe ndatulutsa za kukhosi. Chaka chatha bungwe lina linandipatsa ganyu yolemba timasewero ta pawailesi tochenjeza anthu za kolera. Ndinakhala nayo pansi ntchitoyo, mpaka kukacheza pamjigo kuti ndimve mmene amayi amanenera za kutsekula m'mimba pakakhala palibe wachipatala. Nditapereka, kunangoti zii. Kenako mnyamata wa muofesi mwawo anandiimbira, mwaulemu ndithu, kuti malipiro aimitsidwa chifukwa kompyuta yaonetsa kuti ntchitoyo sindinalembe ndine. Ndinapita konko. Ananditembenuzira laputopu, ndime zanga zonse zitapakidwa utoto. Koma poyang'anitsitsa ndinaona kuti zopakidwazo zinali m'Chingerezi. Atafunsidwa anafotokoza yekha kuti pulogalamuyo inali kupereka zosamveka pa Chichewa, ndiye iye anayamba wadutsitsa masewerowo mu Google Translate, n'kutenga Chingerezi chotulukacho kukachiyeza. Ndiye kuti anapatsa makina ntchito yomasulira, kenako n'kufunsa makina ena ngati zomasulirazo zalembedwa ndi makina. Yankho linali loona, koma silinkanena za ine. Ndalama zinatuluka patapita nthawi, kupepesa kokha sikunatuluke.

Chimene chinandipweteka kwambiri n'choti mnyamatayo ndi Mchewa mnzanga, ndipo akanangowerenga tsamba limodzi akanamva yekha kuti gogo wa m'sewerolo akuyankhula ngati gogo weniweni. Koma nambala ya pakompyuta inamukulira mphamvu kuposa makutu ake.

Mapulogalamu amenewa alibe kaundula wa zonse zimene makina olemba ngati ChatGPT analembapo, amangoyerekeza. Ena amawerenga chiganizo liwu ndi liwu n'kumayesa kulosera liwu lotsatira. Akamalondola kawirikawiri amati alemba ndi makina, chifukwa makina amakonda liwu lomwe aliyense akuliyembekezera. Akamadabwitsidwa amati ndi munthu. GPTZero, yomwe Edward Tian anatulutsa mu Januwale 2023 ali wophunzira pa yunivesite ya Princeton, inayamba ndi muyeso wotere, umene pa sikirini unkalembedwa kuti perplexity. Ena amaphunzitsidwa poonetsedwa milu iwiri, wa zolemba za anthu ndi wa zolemba za makina, mpaka atazolowera kusiyana kwake. Njira zonse ziwirizi zimadalira kuti pulogalamuyo ikhale itawerenga chiyankhulocho mokwanira, ndipo Chichewa chimagwera pomwepa.

Taganizani za liwu loti "sindinamuone". Inu mukumvamo si wokana, ndi wa ineyo, na wa nthawi, mu wa munthuyo, kenako tsinde la kuona. M'Chingerezi amenewa ndi mawu asanu osiyana, ndipo lililonse pulogalamu inakumana nalo kosawerengeka. Koma kompyuta isanawerenge imaduladula mawu m'tizidutswa, ndipo kadulidweko inakaphunzira makamaka pa Chingerezi. Liwu lathuli ikhoza kulidula pena paliponse, mwina sind, inam, uone, tizidutswa topanda tanthauzo kwa wina aliyense. Ndiye ikulosera chiyani pamenepo? Chichewa chonse, cha munthu ndi cha makina chomwe, chimangokhala choidabwitsa. N'chifukwa chake pulogalamu ikanena kuti "munthu" musathamangire kusangalala, mwina yangosokonezeka. Wobera weniweni akhoza kudutsa bwinobwino pachipata chomwecho.

Nanga kachichewa komwe inawerengako n'kotani? Wikipedia ya Chingerezi ili ndi nkhani zoposa 6 miliyoni, yathu ndi kadontho chabe. Zambiri za Chichewa pa intaneti ndi Baibulo, mabuku a mipingo omasuliridwa kuchokera ku Chingerezi, ndi nkhani zochepa za m'nyuzipepala. Chichewa cha pamaliro, cha m'minibasi, cha pabwalo la mfumu chili m'kamwa ndi pa WhatsApp, kumene pulogalamu sizifika. Komanso chiyambire 2014, pomwe Google Translate inalandira Chichewa, masamba ambiri adzaza ndi Chichewa chomasuliridwa ndi makina. Munthu wofuna kusonkhanitsa mulu wa "zolemba za anthu" atolera zamakina zomwezo osadziwa, milu iwiri ija n'kusakanikirana. Onjezanipo kalembedwe kathu kosagwirizana: wina alemba ŵ, wina w, wina "n'chifukwa", wina "nchifukwa", wa ku Chipata zake, wa ku Tete zakenso.

Pano ndiuma mtima pang'ono. Ngakhale m'Chingerezi momwemo zinthuzi n'zopunduka. OpenAI, eni ake ChatGPT, anatulutsa pulogalamu yawo yozindikira mu Januwale 2023, n'kuvomera okha kuti imagwira 26 peresenti yokha ya zolemba za makina, ndipo imanamizira 9 peresenti ya zolemba za anthu. Anachenjezanso kuti m'ziyankhulo zina imalephera koposa. Pofika Julayi chaka chomwecho anaichotsa. Chaka chomwechonso akatswiri a pa yunivesite ya Stanford anayesa mapulogalamu 7 pa zimangirizo 91 za mayeso a Chingerezi a TOEFL, zolembedwa ndi anthu omwe Chingerezi si chiyankhulo chawo chobadwa nacho. Pafupifupi 61 peresenti zinanenedwa kuti ndi za makina, pomwe zolemba za ana a sukulu a ku America zinadutsa pafupifupi zonse. Chifukwa chake n'chomwe chija: munthu wolemba mosamala, ndi mawu ochepa omwe akuwadziwa bwino, amaloseredwa mosavuta. Ameneyo ndi mwana wathu wa MSCE amene tinamuphunzitsa tokha kuyamba ndi "poyamba", kutsatiza "kachiwiri", kutseka ndi "pomaliza". Ngati eni luso anaitaya yawo, ife tikuumirira chiyani kuweruzira ana pa webusayiti yaulere? Chimene ndimadana nacho n'choti zambiri mwa pulogalamuzi sizinena kuti "chiyankhulo ichi sindichidziwa". Zimangotulutsa peresenti ndi nkhope youma, ndipo peresenti imaoneka ngati umboni.

Nanga mutani?

Musakhulupirire iliyonse mwa ziwirizo. Ngati mukufuna kudzionera nokha, tengani chimangirizo cha wophunzira wakale cholembedwa ChatGPT isanatuluke mu Novembala 2022, ndi ndime imodzi yomwe mwalembetsa makina dala, muziike zonse m'mapulogalamu omwewo. Akalephera kuzisiyanitsa, mwadziwa mtengo wa mayankho awo.

Kenako werengani ntchitoyo ndi khutu lanu la Chichewa. Makina amapunthwa pa mgwirizano wa mayina, monga "mudzi yathu" kapena "zipatso ambiri", amalemba kuti msonkhano "unatenga malo", ndipo nthawi zina amapeka mwambi womwe kulibe. Koma samalani, ana a m'tauni ena amalembanso choncho, ndiye chimenechi n'chongokupatsani pofunsira. Ndipo chimangirizo chosalala, chopanda zopunthwa zotere, kwa ine chikuloza kwambiri kwa munthu wodziwa chiyankhulo chake. Muitaneni wophunzirayo, mumupemphe zolemba zake zoyambirira kapena mbiri ya fayiloyo, mumufunse chifukwa chomwe anasankhira mwambi wakutiwakuti m'ndime yachitatu, kenako alembe ndime imodzi pa mutu womwewo inu muli pompo.