Chiyankhulo cha boma, cha fuko ndi cha anthu ambiri: tizisiyanitse bwanji?

Funso: "Ndine mphunzitsi ku Mulanje. Ndinauza ana kuti Chichewa ndi chiyankhulo cha boma chifukwa chimayankhulidwa ndi anthu ambiri, koma mnzanga wanditsutsa. Kodi mawu oyenera ndi ati, nanga umboni wake ndingaupeze kuti?"

Yankho: Aphunzitsi, mnzanuyo ali ndi mfundo, pakuti kuchuluka kwa oyankhula sikusandutsa chiyankhulo kukhala cha boma. Ine ndimalangiza kuti tizigwiritsa ntchito mawu atatu osiyana. "Chiyankhulo cha boma" ndi chija chimene amalembera malamulo, zigamulo za makhoti ndi makalata a m'maofesi. "Chiyankhulo cha fuko" ndi chimene chasankhidwa kuti chiyimire dziko ndi kulunzanitsa mitundu yake. "Chiyankhulo chofala" ndi chimene mumachimva pamsika, m'minibasi ndi pamaliro, ngakhale palibe lamulo lochitchula. Mawu akuti "chiyankhulo chovomerezeka", amene ambiri amawakonda, sindiwalimbikitsa, chifukwa amamveka ngati ziyankhulo zina n'zoletsedwa, pamene gawo 26 la malamulo oyendetsera dziko lino limapereka ufulu kwa munthu aliyense wogwiritsa ntchito chiyankhulo chimene afuna.

Udindo wa chiyankhulo umafufuzidwa m'malamulo ndi m'mfundo za boma. Kuno kwathu nkhaniyi ndi yovutirapo, poti malamulo oyendetsera dziko a 1994 alibe chiganizo chonena mwachindunji kuti chiyankhulo cha boma ndi chakutichakuti. Chimene mupezemo ndi gawo 51, limene limati wofuna kukhala phungu wa Nyumba ya Malamulo azitha kuyankhula ndi kuwerenga Chingerezi mokwanira kuti azitenga nawo mbali pa zokambirana, ndipo apa m'pamene mphamvu ya Chingerezi imaonekera. Ulemu umene Chichewa chili nawo unachokera ku msonkhano waukulu wa chipani cha Kongeresi wa 1968, umene unasintha dzina la Chinyanja kukhala Chichewa, n'kuchiika kukhala chiyankhulo cha fuko, komanso n'kugamula kuti chizigwira ntchito za boma pamodzi ndi Chingerezi. N'chifukwa chake mabuku ena amalemba kuti ziyankhulo za boma m'Malawi ndi ziwiri, pamene ena amati ndi Chingerezi chokha. Oyambawo akutsata chigamulo cha 1968, enawo akuona zimene zimachitika m'maofesi ndi m'makhoti akuluakulu.

Kwa anansi athu zinalembedwa poyera. Malamulo a dziko la Zambia amati chiyankhulo cha boma ndi Chingerezi, ngakhale kuti Chinyanja chili m'gulu la ziyankhulo zisanu ndi ziwiri za m'zigawo ndipo n'chofala mu Lusaka. Ku Zimbabwe, malamulo a 2013 anatchula Chichewa pakati pa ziyankhulo 16 zozindikiridwa ndi boma, chonsecho ochiyankhula kumeneko ndi ochepa poyerekeza ndi a Chishona ndi Chindebele.

Kufala kwa chiyankhulo umboni wake uli m'malipoti a kalembera wa anthu, amene amatulutsidwa ndi nthambi ya boma yoona za chiwerengero ku Zomba. Koma pano ndikupempheni kuti musamale kwambiri, pakuti kalembera aliyense ali ndi funso lake, ndipo nambala yopanda funso lake imasocheretsa. Mu 1998 anafunsa za chiyankhulo chimene anthu amagwiritsa ntchito kawirikawiri pakhomo, ndipo anthu pafupifupi 57 pa 100 alionse anatchula Chichewa, pamene ena pafupifupi 13 anatchula Chinyanja, chimene chinawerengedwa pachokha. Nambala zodziwika za 2018 ndi za mtundu wa munthu, ndipo zinasonyeza Achewa pafupifupi 34 pa 100. Wowerenga mothamanga angaganize kuti Chichewa chabwerera m'mbuyo kuchoka pa 57 kufika pa 34, koma zoona zake n'zakuti wafanizira zinthu ziwiri zosiyana, chiyankhulo ndi mtundu.

Chitsanzo chomveka bwino chili pakhomo panu pomwepo ku Mulanje. Mu 2018 Alomwe anali pafupifupi 19 pa 100, kutanthauza kuti ndi mtundu wachiwiri kukula m'dziko muno, koma mu 1998 amene ananena kuti pakhomo amayankhula Chilomwe sanafike ngakhale 3 pa 100. Mabanja ambiri a Chilomwe amayankhula Chichewa kapena Chinyanja, ndipo mukafunsa ana a m'kalasi mwanu mafunso awiriwa padera, loti "ndiwe mtundu wanji" ndi loti "kwanu mumayankhula chiyani", mudzaona nokha mayankho akusiyana.

Choncho pabolodi mungalembe motere: "M'Malawi ntchito zambiri za boma zimayendetsedwa m'Chingerezi, Chichewa chinaikidwa kukhala chiyankhulo cha fuko mu 1968, ndipo malinga ndi kalembera wa 1998, ndicho chimayankhulidwa m'makomo ambiri."