Mawu a pansi pa chithunzi ndi mahashitagi popempha thandizo la mdadada wa sukulu

"Ndine mlembi wa komiti ya sukulu ina ya pulaimale kuno ku Mulanje. Tinaika pa Facebook chithunzi cha ana akuphunzirira pansi pa mtengo, tinalemba nkhani yaitali, pansi pake mahashitagi khumi, koma patha milungu itatu ndalama ya mdadada watsopano sikubwera. Talakwitsa pati?"

Mayi, ndawerenga uthenga wanu wonse, ndipo ndaona kuti vuto lalikulu lili pa mizere iwiri yoyambirira. Facebook imadula mawu aatali n'kuika See more, kotero munthu amene akuyendetsa chala pafoni amangoona chiyambi chokha. Inu mwayamba ndi malonje, mbiri ya sukulu ndi namondwe wa Freddy wa mu Marichi 2023, pamene pempho lenileni ndi nambala yotumizirako ndalama zabisala kumapeto. Namondweyo anawononga sukulu zambiri ku Mulanje, Phalombe ndi maboma ena a kum'mwera, choncho kumutchula sikukusiyanitsani ndi anzanu. Chimene chingakusiyanitseni ndi kunena mwachindunji pamene ntchito yafika ndi chimene chatsala.

Tiyerekeze kuti makolo anaumba kale njerwa, anatuta mchenga, ndipo khoma lafika pa mawindo. Mzere woyamba ukhale wotere: "Mdadada wa zipinda ziwiri wa ana a Sitandade 1 ndi 2 wafika pa mawindo; tikusowa matumba 80 a simenti kuti tifolere mvula isanayambe." Mzere wachiwiri utchule dzina la sukulu, mfumu yaikulu ya dera, mtengo wa thumba limodzi lero, ndi nambala ya Airtel Money kapena TNM Mpamba. Munthu amene anaphunzira pasukulupo ndipo tsopano ali ku Joni kapena ku Limbe amabwerera m'mbuyo akamva za mamiliyoni, koma akauzidwa mtengo wa thumba limodzi amadziwa kuti gawo limenelo angalikwanitse. Lembaninso dzina limene lidzaoneke pafoni ya wotumiza ndi udindo wa mwini dzinalo m'komiti, chifukwa anthu anaberedwa kambiri ndi mapempho abodza, ndipo akaona dzina lachilendo amaleka kutumiza osakuuzani. Nambalayo musaiike pachithunzi pokha, pakuti amene bandulo yake ndi yochepa nthawi zina chithunzi sichimatseguka, komanso nambala ya pachithunzi imavuta kukopera.

Pa mahashitagi, anthu ambiri amaganiza kuti ndi chimkuzamawu, pamene ntchito yake yeniyeni ndi kusonkhanitsa mauthenga a nkhani imodzi pamalo amodzi. Mukalemba #Malawi kapena #education, uthenga wanu umangolowa m'mulu wa zithunzi za nyanja, za ndale ndi za malonda, ndipo palibe amene amafufuza m'menemo sukulu yoti aithandize. Khumi aja amangochititsa kuti pempho lanu lioneke ngati la otsatsa malonda. Ine ndingasunge awiri: #Mulanje, kuti anthu a kwathu akupezeni, ndi ina yanuyanu yokhala ndi dzina la sukulu ndi mawu akuti mdadada. Musanaisankhe, ifufuzeni kaye pa Facebook, ndipo ngati ikutulutsa nkhani za anthu ena, sankhani ina.

Pali msampha wina umene umagwira ife olemba Chichewa. Hashitagi imathera pamene pali mpata kapena kachizindikiro kamene timaika m'mawu monga m'kalasi ndi ng'oma, ndiye mukalemba #AnaM'kalasi chimene chimagwira ndi #AnaM basi. Lembani mawu onse mophatikiza, lililonse liyambe ndi chilembo chachikulu kuti aziwerengeka, ndipo kalembedwe kake kasasinthe ngakhale tsiku limodzi. Onetsetsaninso kuti uthengawo uli pa Public, apo ayi ouona adzakhala anzanu okha. Pa WhatsApp, kumene ndikukhulupirira kuti ndalama yambiri idzachokera kudzera m'magulu a ophunzira akale ndi a mipingo, hashitagi siitsegula chilichonse, choncho kumeneko tumizani uthengawo popanda mahashitagi.

Phindu la hashitagi yanuyo lidzaoneka mukayamba kupereka malipoti. Loweruka lililonse ikani chithunzi cha khoma, risiti ya simenti ndi chiwerengero cha matumba amene atsala, ndipo wokayikira akadina hashitagiyo adzaona mdadada ukukwera kuchoka pa mawindo kufika pa linta. Zithunzi zimenezi zikhale za ntchito ndi amisiri. Nkhope za ana musazionetse popanda chilolezo cha makolo awo.

Kuti mudziwe ngati mawu atsopano agwira, musawerenge kuchuluka kwa okonda uthengawo, koma yang'anani zimene anthu akufunsa. Akamafunsa kuti sukulu yake ndi iti kapena nambala ili kuti, ndiye kuti mizere yoyambirira ikadali yosakwanira. Lembani m'kaundula wa msungichuma tsiku limene mwasintha mawuwo, ndipo pakatha sabata muyerekeze ndalama zimene zalowa ndi za sabata yapitayo.