Imelo yanga ya kuntchito akuti ikumveka ngati ya pa WhatsApp

Funso: "Ndangoyamba ntchito ku bungwe lina la alimi, nde maimelo ambiri timalemba m'Chichewa. Abwana andiuza kuti ndimalemba ngati ndikucheza ndi mnzanga pa WhatsApp. Ineyo sindikuona cholakwika, ndisinthe pati?"

Yankho: Achimwene kaya achemwali, musathamangire kukasaka mawu akuluakulu, vuto silikhala pamenepo ayi. Nthawi zambiri limakhala pa mzere woyamba, pa mzere womaliza, komanso pa timaphatikizo tomwe timameza tikamayankhula. Tiyeni titenge imelo imodzi yopempha tchuthi tiikonze limodzi, muona nokha. Tinene kuti inalembedwa chonchi:

"Bho bwana. Ndufuna ndikuuzeni kuti kumudzi kwagwa zovuta amalume atisiya nde sinbwera mawa mpaka mwina lachinayi chfkwa maliro ali ku Dedza komanso lipoti lija ndikutumizirani. Zkm."

Munthuyu sanatukwane aliyense, ndipo mtima wake ndi wabwino. Koma tiyambe ndi malonje. "Bho" ndi wa pamsewu, ameneyo achoke basi, limodzi ndi anzake monga "madala" ndi "bosi". Amene munalemba kalata ya ntchito kusukulu mukukumbuka "Okondedwa Bambo" kapena "Okondedwa Mayi", ameneyo ndi amene amagwirabe ntchito mu imelo, mungowonjezera dzina la bambo awo: "Okondedwa Bambo Phiri," kapena "Okondedwa a Phiri,". Ka "a" kameneka musakaiwale chonde, kulemba "Phiri" yekha kwa munthu wamkulu kuli ngati kumukodola ndi chala. Ndipo onani kuti ndalemba "Okondedwa" osati "Wokondedwa", chifukwa wa W uja ndi wa munthu mmodzi wamsinkhu wanu kapena wamng'ono kwa inu, pamene ulemu wa Chichewa umafuna timuchulukitse munthuyo ngakhale ali yekha. Ena akafuna kuonetsa ulemu wambiri amalumphira pa "Olemekezeka", koma ameneyo tiwasiyire anduna ndi aphungu a Nyumba ya Malamulo, kwa manejala wanu yemwe mumamwa naye tiyi ku ofesi akulemera kwambiri.

Nanga "Mwadzuka bwanji"? Ine ndimati ayi, osati chifukwa ndi wamwano koma simukudziwa kuti imeloyo ayitsegula nthawi yanji, mwina madzulo dzuwa litapendeka. Ngati mtima sukukulolani kulowa nkhani opanda moni, ndipo kwa ife Amalawi n'zovuta ndithu, lembani chiganizo chimodzi, "Ndikhulupirira muli bwino", kenako nkhani.

Tsopano kufupikitsa mawu, apa nde pali nkhani yaikulu ndipo anthu amasokoneza zinthu zosiyana. Pali kufupikitsa kwina komwe ndi Chichewa chovomerezeka, monga "kalatayi" m'malo mwa "kalata iyi", "m'mawa", "m'nyumba", "ndinkapita". Zimenezi lembani opanda mantha, ukayamba kuzitambasula zonse imelo imauma ngati chikalata cha kukhoti. Nde pali za pakamwa: "ndufuna", "sindudziwa", "sinbwera". Izi mu imelo ya ntchito bwezeranimo zonse zomwe mwameza, "ndikufuna", "sindikudziwa", "sindibwera", ndipo "nde" akhale "ndiye" kapena "choncho". Za pa foni zija, "zkm" ndi "chfkwa", sitikambirana nkomwe, lembani mawu onse. Pakatikati pali "n'zotheka" ndi "n'chifukwa chake", izi sizolakwika, mumaziona m'nyuzi ndi m'mabuku momwe, koma kwa munthu yemwe simunakumanepo naye "ndi zotheka" amamveka wodekha pang'ono. Mukakayika, dzifunseni kuti kodi wowerenga nkhani pa wailesi ya MBC anganene chonchi? Ngati khutu lakana, tambasulani.

Koma taonani mawu aja akuti "lipoti lija ndikutumizirani", awa ndi amene amayambanitsa anthu ku maofesi. "Ndikutumizirani" ndiye kuti simunatumize, mutumiza posachedwa. "Ndikukutumizirani", wa "ku" awiri, ndiye kuti mukutumiza pompano ndi imelo yomweyi. Tikamayankhula mothamanga "ku" mmodzi uja amamezeka ndipo mnzathu amamvabe chifukwa akutiona komanso akumva kukwera ndi kutsika kwa mawu, koma polemba zonsezo kulibe, nde abwana amakhala akudikira lipoti lomwe lili kale mu imelo, kapena akulifunafuna pansi pa imelo pomwe palibe kanthu. Ngati mwalumikiza kale lipotilo nenani "ndakutumizirani", ngati simunatero tchulani tsiku ndi nthawi.

China, "ndikufuna" ngakhale mutamulemba bwinobwino amamvekabe ngati mukulamula. Kwa wamkulu timati "ndikupempha". Chimodzimodzi "nditumizireni" ndi waulemu inde chifukwa cha -ni uja, koma "chonde munditumizireko" ndi wofewa kuposa, ka -ko kamachita ntchito yaikulu m'Chichewa.

Za kutalika kwa ziganizo ndikumvetsa komwe zimachokera. Kwathu ukapita kwa amfumu sufikira pa nkhani, umazungulira kaye, ndipo kuzungulirako ndi ulemu womwewo. Koma imelo ija ili ndi nkhani zinayi m'chiganizo chimodzi, imfa, tchuthi, malo ndi lipoti, zonse zomangidwa ndi "nde", "chifukwa" ndi "komanso", moti munthu wowerenga pa foni ali pakati pa miting'i atha kugwira za maliro zokha osaona kuti pali pempho loti ayankhe. Chiganizo chimodzi chinyamule nkhani imodzi, ndipo mukaona "ndiye" wachiwiri ikani mpumiro. Komanso musadule mopitirira, "Sindibwera mawa. Kuli maliro." akumveka ngati mwakwiya kapena mukungowadziwitsa opanda kupempha. Njira yosavuta n'kuwerenga mokweza: chiganizo chomwe chikukutherani mpweya chigaweni pawiri, tiwiri tatifupi togundana tilumikizeni ndi "chifukwa" kapena "choncho".

Potseka, "Zikomo" yekha sikulakwa kwa mnzanu wa tebulo loyandikana. Kwa akuluakulu thokozani m'chiganizo chathunthu, kenako "Ine wanu," kapena "Ndine wanu,", pansi pake dzina lanu lonse ndi udindo wanu. "Ndatha ine wanu" ali ndi fungo la kalata ya mchezo, ija yopita kwa amalume kumudzi, ine sindimuika pa za ntchito. "Tionana" ndi "shapu" akhale a pa foni.

Imelo ija ikatha kukonzedwa ikhala chonchi:

"Mutu: Pempho la tchuthi cha masiku atatu

Okondedwa Bambo Phiri,

Ndikupempha tchuthi cha masiku atatu, kuyambira mawa Lolemba mpaka Lachitatu. Amalume anga amwalira ndipo mwambo wa maliro uchitikira kwathu ku Dedza. Ndidzabwerera kuntchito Lachinayi m'mawa. Lipoti la mwezi uno ndakutumizirani pamodzi ndi imelo ino.

Zikomo kwambiri chifukwa cha kumvetsa kwanu.

Ine wanu,"

kenako dzina ndi udindo. Muona kuti "mwina lachinayi" uja ndamuchotsa, ndaika tsiku lenileni, chifukwa abwana akufuna adziwe kuti ntchito yanu aigwira ndani komanso mpaka liti. Ngati zinthu zitasintha muli kumudziko, mudzalembe ina yachidule yopempha tsiku lowonjezera, malonje ndi mathero ake akhale omwewa.