Kajambulidwe ka banga la pakhungu kuti adokotala alione bwino

"Amayi anga ali ndi banga lakuda kuphazi, cha kuchidendene, ndipo akuti likukula. Msuweni wanga ndi dokotala ku Blantyre, koma zithunzi zonse zimene ndamutumizira akuti sizikuoneka. Foni yanga ndi yotchipa. Kodi vuto ndi foniyo?"

Achemwali, musathamangire kugula foni ina. Nthawi zambiri cholakwa ndi kuyandikitsa kwambiri. Kamera ya mafoni ambiri imalephera kuona bwino chinthu chimene chili pafupi kuposa masentimita 10, koma ife tikafuna kuti banga lioneke lalikulu timaikanikiza foni pafupifupi kugunda khungu. Zotsatira zake chithunzi chimangoti mbuu, ndiponso mthunzi wa foniyo umagwera pabanga pomwepo.

Tiyeni tiwajambule amayiwo. Sankhani m'mawa dzuwa litakwerako, cha m'ma 9 koloko, muwakhazike pakhonde pamene pali mthunzi koma kukuwala bwino. Padzuwa lenileni ayi, chifukwa khungu limanyezimira ndipo mithunzi imada kwambiri. M'nyumba usiku ndi babu kapena tochi ndiye musayese n'komwe, mtundu wa banga umasintha. Fulashi izimitsidwe. Pakhungu lathu lakudali fulashi imasiya chigamba choyera pakati penipeni pa chimene mukufuna kuonetsa, makamaka ngati munthu wadzola. Choncho asambe phazilo, alipukute liume, ndipo vaselini adikire kaye mpaka mutamaliza.

Phazi alisanjike pampando poyala nsalu ya mtundu umodzi, yotuwa kapena yobiriwira. Chitenje cha maluwa chimakopa kamera, mumapeza maluwawo aoneka bwinobwino koma phazi lili mbuu. Pukutani galasi la kamera ndi nsalu yofewa (foni yokhala m'thumba limodzi ndi ndalama ndi mandasi imachita mafuta, musadabwe). Gwiritsani ntchito kamera yakumbuyo, osati yodzijambulira, ndipo ngati pali `Beauty` kapena zosefera zina zokongoletsa nkhope, zimitsani. Ntchito yake ndi kufufuta mabanga, ndiye mukhoza kuona nokha.

Tsopano imikani foni masentimita 15 kapena 20 kuchokera pakhungu, kutalika kwa chikhatho chanu mutatambasula zala. Iyang'anizane ndi bangalo mwachindunji, osapendeka. Tsamiritsani zigongono pamaondo kuti manja asanjenjemere, dinani pasikirini pamene pali bangalo, dikirani kamphindi kuti kamera ikhazikike, kenako jambulani kanayi kapena kasanu. Musakoke kwambiri ndi zala pasikirini pofuna kukulitsa banga musanajambule. Pamafoni otchipa kukokako kumangofufumitsa chithunzi popanda kuonjezera kanthu.

Mudziwa bwanji kuti chatheka? Tsegulani chithunzicho, chikulitseni. Kuphazi kuli timizere ting'onoting'ono tonga ta chidindo cha chala. Ngati timizereto tikuoneka tokhatokha m'mbali mwa banga, chithunzi chili bwino. Ngati tasakanikirana ngati phala, bwerezani mutatalikirako pang'ono.

Msuweni wanu mumutumizire zithunzi zinayi. Choyamba chionetse phazi lonse, kuti adziwe ndi la kumanja kapena kumanzere, ndi malo amene bangalo lili. Chachiwiri ndi chapafupi chija. Chachitatu chikhale ndi rula ya mwana wa sukulu itagona pakhungu pambali pa banga, manambala akuwerengeka. Rulayi ndi imene anthu ambiri amaiwala, pamene popanda iyo banga la mamilimita 3 ndi la mamilimita 12 amaoneka chimodzimodzi pasikirini, chonsecho madokotala amayamba kutchera khutu banga lakuda likapitirira mamilimita 6. Chomaliza mujambulire chammbali, kuti zioneke ngati latukuka kapena ndi lafulati.

Pa WhatsApp, chithunzi chotumizidwa mwachizolowezi chimachepetsedwa ndipo timizere tija timatha. Dinani `HD` musanatumize, kapena chitumizeni ngati `Document`. Bandulo idyekapo, koma pang'ono. Lembaninso zimene kamera singanene: zaka za amayi, bangalo linayamba liti, ngati limayabwa, kupweteka kapena kutuluka magazi.

Koma pali mawu amodzi m'kalata yanu amene sanandisangalatse: "likukula". Kwa anthu akhungu lakuda, khansa ya pakhungu yotchedwa melanoma imakonda kuphazi, m'chikhatho ndi kunsi kwa zikhadabo, ndipo poyamba siipweteka. Mabanga ambiri a kuphazi si khansa, koma chithunzi, ngakhale chitaoneka bwino chotani, sichingatsimikize zimenezo. Adokotala amafunika kulikhudza, kuliona ndi galasi lawo lokulitsa, mwinanso kudulako kachidutswa kokayeza. Jambulani mawa, tumizani, ndipo sabata yomwe ino amayi apite kuchipatala cha m'dera lawo. Ngati kungafunike akatswiri a khungu, monga a ku Queen Elizabeth ku Blantyre, kalata yowatumiza kumeneko ikachokera kuchipatala cha m'dera lawocho. Zithunzizo musafufute, lembani tsiku lake, zidzathandiza kuyerekeza ndi mmene bangalo lidzakhalire patsogolo.