Kulangiza mawu a AI kuti uthenga wotsatsa malonda umveke ngati wa munthu

"Zikomo bambo. Ine ndimaphunzitsa kasungidwe ka mabuku a ndalama pa intaneti, ndipo ndinalemba uthenga wa masekondi 30 woti uwerengedwe ndi mawu a AI pamodzi ndi avata, nkhope ya munthu yopangidwa ndi kompyuta imene imaoneka ikulankhula. M'malangizo ndinalemba kuti mawuwo akhale ansangala ndi achikondi, koma chimene chinatuluka chikumveka ngati wolengeza wa pa wailesi amene nthawi yamuthera. Kodi ndilembe chiyani kuti zimveke ngati munthu weniweni?"

Mawu akuti "ansangala" ndi "achikondi" sauza chida cha AI chowerenga uthengacho zambiri, chifukwa nsangala ili ndi mitundu: ilipo ya munthu wolandira mlendo, ilipo ya wogulitsa amene akukopa odutsa, ilipo ya mphunzitsi amene waona kuti wophunzira wake wamvetsa. Chida chikapatsidwa liwu limodzi lokha pamwamba pa uthenga wooneka ngati wamalonda, chimatsatira kalankhulidwe kamene kamayenda ndi mauthenga otere, ndipo kameneko ndi ka wolengeza uja. Choncho m'malo motchula mtima umene mukufuna, fotokozani zinthu zimene zimabala mtimawo: amene akulankhula, amene akumvetsera, ndi pamene awiriwo ali.

Pa nkhani yanu ndikanalemba motere: "Wolankhula ndi mphunzitsi wodekha amene wakhala pafupi ndi munthu mmodzi wochita bizinesi yaing'ono, wotopa ndi maakaunti osagwirizana. Alankhule motsitsa mawu, mosathamanga, ngati akumutsimikizira kuti vutoli ndi la anthu ambiri. Funso loyamba alifunse ngati akuyembekezera yankho. Mawu akwere pang'ono pa chiganizo chomaliza chokha." Chimene ndimachiona chofunika koposa m'malangizo amenewa ndi "munthu mmodzi", pakuti wolankhula kwa gulu amakweza mawu, pamene wolankhula kwa mnzake amawatsitsa, ndipo khutu limamva kutsitsako ngati chikondi. Ndaika chitsanzochi m'Chichewa kuti timvane, koma inu mulembe m'chinenero chimene chida chanu chimamva bwino.

Muyeneranso kudziwa pamene malangizowo ayenera kulembedwa, chifukwa zida sizifanana. Zina zili ndi malo awiri, ena a mawu oti awerengedwe ndi ena a malangizo, monga `gpt-4o-mini-tts` ya OpenAI imene ili ndi malo otchedwa `instructions`. Zina zili ndi bokosi limodzi lokha, ndipo chilichonse chimene mwaikamo chimatchulidwa mokweza. Nthawi ina ndinamva avata akunena ndi nkhope yodekha kuti "lankhulani mwachikondi" pakati pa uthenga, chifukwa ndinali nditaika langizolo m'bokosi lolakwika. Ngati chida chanu chilibe malo a malangizo, chiwongolero chimene mwatsala nacho ndi kalembedwe ka uthengawo, ndipo kunena zoona, ngakhale malo a malangizo alipo, kalembedweko ndiko kamagwira ntchito yaikulu.

Tiyerekeze kuti chiganizo chanu choyamba chinali chotere: "Maphunziro athu apamwamba a kasungidwe ka mabuku amathandiza eni mabizinesi kulondoloza ndalama zolowa ndi zotuluka, kuwerengera phindu, komanso kukonza mapulani mosavuta!" Pa pepala chiganizochi chilibe vuto, koma palibe munthu amene angachinene kwa mnzake ndi mpweya umodzi. Chidacho sichipuma mpweya, kotero chimathamanga nacho mpaka kumapeto, ndipo mfuwuliro uli kumapetowo umachiuza kuti chikweze mawu. Wolengeza mukumudandaula uja amabadwira pamenepa. Ine ndikanachiphwanya motere: "Kodi mwezi ukatha mumadziwa kumene ndalama zapita? Ambiri sitidziwa. Tiyeni tikhale pansi, tizilondole pamodzi." Uthenga wayamba ndi funso lopita kwa munthu mmodzi, wolankhula wadziika m'gulu la ovutika ndi liwu lakuti "sitidziwa", ndipo chiganizo chilichonse chikukwanira mpweya umodzi. Mpumiro ndi mpatuliro zimasanduka malangizo pazokha, chifukwa zida zambiri zimaima pang'ono pa mpatuliro ndi kuima motalikirapo pa mpumiro. Manambala, zidule za mayina ndi maadiresi a pa intaneti muzilembe monga mukufuna kuti zitchulidwe, osati monga zimaonekera pa chikwangwani.

Za kutalika, ambiri amayesa kupanikiza mawu ochuluka m'nthawi yochepa, kenako n'kuwonjezera liwiro kuti akwanire. M'Chingerezi munthu wolankhula modekha amatchula mawu pafupifupi 150 pa mphindi, kutanthauza kuti masekondi 30 amanyamula mawu 75 kapena ocheperapo, ndipo m'chinenero cha mawu ataliatali ngati chathu chiwerengerocho chimatsika. Werengani uthengawo mokweza muli ndi wotchi, ndipo ukapitirira, dulani mawu, liwiro mulisiye.

Ngati chida chanu chimalandira SSML, njira yolembera malangizo a katchulidwe imene bungwe la W3C linakhazikitsa mu 2004, mungathe kuika kupuma ndi liwiro pamalo enieni:

```xml
<speak>
  Kodi mwezi ukatha mumadziwa kumene ndalama zapita?
  <break time="500ms"/>
  <prosody rate="90%">Ambiri sitidziwa.</prosody>
</speak>
```

Kupuma kwa theka la sekondi kumapatsa womvera mpata woyankha mumtima, ndipo kutsitsa liwiro kufika pa 90 peresenti pa chiganizo chachifupicho kumachititsa kuti chimveke ngati kuvomereza kochokera pansi pa mtima. Koma musamwaze `break` paliponse. Mukachulukitsa, mawu amaduka ngati a munthu wowerenga chinenero chimene sachidziwa, ndipo pa zida zina, monga ElevenLabs, amatha kuyamba kuthamanga kapena kutulutsa phokoso lachilendo. Malo awiri kapena atatu mu uthenga wa masekondi 30 ndi okwanira. Pa ElevenLabs pomwepo pali chosunthira chotchedwa `Stability`: chikakwera kwambiri mawu amayenda pa mzere umodzi osakwera kapena kutsika, chikatsika kwambiri amakhala ndi moyo koma amasinthasintha mosadalirika. Yambirani chapakati, ndipo muzisintha chinthu chimodzi pa ulendo uliwonse, apo ayi simudzadziwa chimene chakonza kapena kuwononga. Popeza zida zambiri zatsopano siziwerenga mofanana kawiri, tulutsani uthenga womwewo katatu musanagamule kuti malangizo alephera.

Avata muiganizire pomaliza. Pa zida zopanga avata monga HeyGen ndi Synthesia milomo imatsatira mawu, motero nkhope singakonze mawu ozizira. Yambani mwamvetsera mawu okha mutatseka maso, ndipo mukamva kuti munthuyo akulankhula kwa inu, pamenepo ndi pamene muike nkhope. Sankhani avata wogwirizana ndi mphunzitsi wodekha uja, chifukwa nkhope yomwetulira kwambiri pa funso lokhudza ndalama zotayika imaoneka ngati ikuseka womvera. Yang'aniraninso malo opuma aja. Kupuma kumene kunamveka bwino m'makutu kumatha kutalika m'maso, avata atangoyang'ana kutsogolo pakamwa pali potseka. Kukapitirira sekondi imodzi, kufupikitseni, kapena pamalo amenewo onetsani chithunzi cha tsamba la buku la maakaunti, mawu azipitirira kumbuyo, ndipo nkhope ibwerenso pa chiganizo chomaliza chimene mukuitanira womvera ku maphunziro.