Posita ya mpira wa ku Kapata

"Ndapanga maposita atatu a mpira wathu wa Loweruka, yofiira, yachikasu ndi ya zithunzi zambiri. Nditenge iti?"

Achimwene, tengani yachikasu ija. Zilembo zakuda pa chikasu zimaoneka patali, pomwe zabuluu pa pepala lofiira zimasokoneza maso, ndipo mukakapanga fotokope zonse zidzangoda bii. Yesani kuijambula yofiirayo pa foni muchotse mitundu muone. Ya zithunzi ija ndaikondadi koma zonse ndi zazikulu mofanana, diso likusowa poyambira.

Pa yachikasupo mawu oti MPIRA akule kwambiri, tsiku ndi malo zitsatire, mtengo wolowera ukhale pansi. Mukamata pakhoma bwererani mapazi 10 muwerenge, chifukwa munthu wodutsa pa njinga ku msika wa Kapata saima ayi.