Sopo wakuda wawotcha kasitomala wanga: ndipitirize bizinesiyi?

*Ndimaoda sopo wakuda wa ku Ghana n'kumaduladula kugulitsa, ndipo ndayambanso kupanga wanga wa mafuta a mawese ndi kokonati. Kasitomala wina wandibwerera nkhope itathetheka, akuti sopo wanga wamuwotcha. Inetu ndinamuuza kuti ndi wachilengedwe, alibe makemiko. Kodi vuto ndi sopo kapena khungu lake? Ndisiye?*
*Mayi wa ku Lilongwe*

Mayi, musasiye, koma mawu akuti "alibe makemiko" muwasiye lero lomwe. Mawu amenewo si oona, ndipo ndi amene akuikani m'mavuto. Palibe sopo amene amapangika popanda mankhwala aukali osungunula mafuta. Wa ku fakitale ali nawo, wa pakhomo panu ali nawo, wa ku Ghana nayenso ali nawo.

Sopo wakuda kwawo ndi kumadzulo kwa Africa. Ayoruba a ku Nigeria amamutcha ose dudu, ku Ghana amati alata samina. Amayi akumeneko amayanika makoko a nthochi zophika zija ndi makoko a koko, n'kuwatentha mpaka asanduke phulusa. Phulusalo amalithira madzi n'kusefa, monga mmene ife timachezera chidulo cha therere, koma chawocho chimakhala chaukali kwambiri. Madziwo amawaphika pamodzi ndi mafuta a njere za kanjedza, a kokonati kapena a mtengo wa shiya, akutakasa kwa maola ambiri mpaka zitalimba. Sopo weniweni sakhala wakuda bii ayi. Amakhala wofiirira, wamawangamawanga, wofewa, wonyenyeka mukamukanikiza ndi chala, ndipo amamwa chinyontho mukamusiya poyera. Mukaona wakuda ngati tayala, wosalala, wolimba, dziwani kuti athiramo makala kapena utoto.

Vuto lagona pa phulusa lija. Mphamvu yake siifanana. Phulusa la lero likhoza kukhala laukali kuposa la sabata yatha, ndipo wophikayo amayeza ndi maso basi. Ndiye katoni imene munaoda mwezi watha ikhoza kukhala yabwinobwino, ya mwezi uno n'kukhala yowotcha, chonsecho wokugulitsani ndi yemweyo. Pa muyeso wa pH, umene umaonetsa ukali wa chinthu, khungu la munthu limakhala cha pa 5, pamene sopo wabwino amakhala pa 9 kapena 10. Kusiyana kumeneku khungu lolimba limakupirira, koma sopo akadutsa 10 kulowera ku 11, nkhope imayamba kuyabwa, kuuma ndi kusupuka. Gulani timapepala toyezera pH. Katoni iliyonse ikafika, nyowetsani kachidutswa, chitani thovu, muviikemo kapepala musanagulitse ngakhale kamodzi. Timapepalato sitikuuzani molondola kwenikweni, koma katundu woopsa timamugwira.

Tibwere kwa sopo wanu wopanga nokha, poti apa ndi pamene muli ndi mphamvu zonse. Mafuta aliwonse ali ndi mlingo wake wa kositiki soda, ndipo zoyeza ndi kapu kapena supuni zimawononga anthu ambiri. Tiyerekeze kuti mukupanga sopo wa mafuta okwana kilogalamu imodzi: magalamu 700 a mawese ndi magalamu 300 a kokonati. Galamu imodzi ya mawese imafuna soda wokwana pafupifupi magalamu 0.142, ndiye 700 aja afuna 99. Kokonati amadya soda wambiri, pafupifupi 0.183 pa galamu, ndiye 300 aja afuna 55. Pamodzi ndi 154. Pamenepo chotsanipo magawo 5 pa 100 aliwonse kuti mafuta pang'ono atsale osapsa, otetezera khungu. Mutsala ndi magalamu 146 a soda, amene muwasungunule m'madzi okwana magalamu 330.

Taonani tsono chimene chimachitika kokonati akadula, inu n'kuganiza zongothira mafuta a mpendadzuwa m'malo mwake osasintha soda. Mpendadzuwa umafuna 0.135 yokha pa galamu, ndiye magalamu 300 afuna soda 40 osati 55. Mafuta onsewo akhoza kudya soda 139 basi, koma inu mwathira 146. Magalamu 7 otsalawo sapita kulikonse. Amakhala m'sopomo kudikira nkhope ya munthu. Sopo wotere amakhala wophwanyikaphwanyika podula, nthawi zina wokhala ndi timatumba toyera mkati. Sikelo ya manambala yoyeza galamu imodziimodzi ndiyo chida choyamba kugula, chikombole chokongola chibwere pambuyo. Posakaniza, soda ndiye amathiridwa m'madzi, osati madzi pa soda. Valani magolovesi ndi magalasi, ana akhale kutali, ndipo poto wa aluminiyamu asayandikire chifukwa soda amamudya.

Sopo akatuluka m'chikombole amafunika kukhala pa mphepo milungu 4 mpaka 6 kuti aume ndi kufatsa. Ndikudziwa kuti apa mpamba umakhala utagona, ndipo mtima umafuna kugulitsa sabata yoyamba yomweyo. Njira yake ndi kupanga pang'onopang'ono sabata iliyonse, kulemba tsiku pa thireyi iliyonse, kuti pakatha mwezi ndi theka muzikhala ndi wokhwima sabata ndi sabata. Mtengo muziwerengera pa sopo wouma, chifukwa madzi akamauluka kulemera kumatsika.

Komabe ngakhale sopo atakhala wolondola chotani, pali anthu amene simuyenera kuwagulitsa mwachisawawa. Makanda asasambitsidwe sopo wakuda, khungu lawo ndi lanthete. Amene khungu lawo ndi louma, lothetheka kapena lotuluka ziwengo pafupipafupi, sopoyu amawachotsa mafuta ochepa amene ali nawo, vuto n'kukula. Amene akudzola mankhwala a ziphuphu ochokera kuchipatala khungu lawo limakhala likusupuka kale, afunse kaye adokotala awo. Gulu limene ndimalidera nkhawa kwambiri ndi la amene akhala akudzola mafuta oyeretsa khungu. Ambiri mwa mafuta amenewo ali ndi mankhwala opyapyalitsa khungu, ndipo munthuyo sangakuuzeni pokhapokha mutamufunsa mwaulemu, pa awiri. Mwina kasitomala wanuyu ali m'gulu limeneli, mwina ayi. Onjezanipo amene thupi lawo limadana ndi mtedza, ngati mwagwiritsa mafuta a mtedza, ndi amene amayabwidwa ndi zonunkhiritsa monga mandimu, bulugamu ndi sinamoni. Kukhala kuti chinthu chachokera ku mtengo sikutanthauza kuti sichiyabwa, chitedze nachonso chimamera kutchire.

Wina akadzakunyengererani kuti muthiremo "kaufa koyeretsa" kuti malonda ayende, mukane. Zina mwa zimenezo zimakhala ndi mekyule, amene amawononga impso ndiponso mwana amene ali m'mimba.

Kasitomala uja muyimbireni lero. Mumuuze asiye sopoyo, azisamba nkhope ndi madzi okha, adzole vaselini wopanda fungo, ndipo ngati pali matuza kapena kutupa apite kuchipatala osachedwa. Mubwezereni ndalama yake osakangana naye, mupemphe chotsala cha sopoyo mukachiyeze, ndipo katundu yense wa gulu limenelo mumuike pambali mpaka mudziwe chimene chinalakwika.

Kuyambira pano sopo aliyense atuluke ndi kapepala konena mafuta amene alimo, soda kapena phulusa, zonunkhiritsa, tsiku lopangira ndi nambala yanu ya foni. Lembaniponso kagwiritsidwe kake: munthu ayambe wayesa mkati mwa mkono n'kudikira masiku awiri, thovu alichitire m'manja osakhula nkhope ndi chidutswa chenichenicho poti mumakhala timiyala ta phulusa, ndipo ayambe kawiri kapena katatu pa sabata. Musalembe kuti sopoyu amachiza matenda. Mukafuna kulowa m'mashopu akuluakulu, pitani ndi zitsanzo zanu ku Malawi Bureau of Standards kuti akaziyeze, ndipo ndalama yoyezetsera muyambe kuipatula panopa pa phindu la mwezi uliwonse.